Ayironi Alibe Mwini, Sakazimu Ali ndi Pakamwa

Mwanangu, popeza wati aphunzitsi a Chingerezi akuzunguza mutu ndi sakazimu ndi ayironi, khala pa belo apo ndikuphunzitse. Usaone kuti sukulu ndinalekezera panjira. Zinthu ziwirizi ndakhala nazo nyumba imodzi chikwatirireni amayi ako.

Tiyambe ndi ayironi. Uyu amapezeka paliponse pamene zoyembekezeka zasemphana ndi zochitika, kusemphana kwake kochita ngati wina wakonza dala. Ine ndi amene ndimaphunzitsa anzanga a mu kalabu kusankha fodya: wapansi payekha, wapakati payekha, wansonga payekha. Tsono chaka chija mabelo a kalabu atapita kumsika, amene anabwezedwa chifukwa chosakaniza magiredi anali a ndani? A mphunzitsi yemweyo. Palibe ananditukwana, palibe anatsegula pakamwa, koma nkhaniyo payokha ikuseketsa. Ameneyo ndi ayironi wa zochitika.

Apa ndi pamene ana ambiri amagwera pa mayeso. Si tsoka lililonse limene lili ayironi. Mphepo ikagwetsa chigafa changa, limenelo ndi tsoka basi. Koma ikagwetsa changa chokha, ine amene ndinayenda mudzi wonse kudzudzula mamangidwe a zigafa za anzanga, pamenepo lemba ayironi mosakayika.

Ukafuna chitsanzo chovala jekete, tenga cha kwathu konkuno. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, ndi amene boma lake linakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Koma pa misonkhano mwiniwakeyo ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Lero ukhoza kulemba zimenezi pa mayeso. Nthawi imeneyo ayironi ameneyu tinkangomuona ndi maso, pakamwa tili tseke.

Mtundu wachiwiri ndi wa m'masewero, pamene oonera akudziwa chimene munthu wa m'nkhaniyo sakudziwa. M'buku lija la Shakespeare, mfumu Duncan ikufika kunyumba ya Macbeth n'kumayamikira kukoma kwa malowo, pamene ife tamva kale eni nyumba akupangana zomupha. Zanga zinali chimodzimodzi. Madzulo a tsiku la mabelo lija ndinali pa sitolo, chipewa chili pambali, ndikulamula malata ndi wailesi pa ngongole, ndikuti madola ali m'njira. Woyendetsa lole anali atadutsa kale pamenepo n'kuuza aliyense kuti mabelo anga abwezedwa. Anthu onse pa khonde ankadziwa mathero a sewerolo kupatula Duncan wa ku Kasungu.

Mtundu wachitatu ndi wa m'mawu: kunena china ukutanthauza chosemphana nacho. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tikuthirira nazale ku dambo, mnzanga n'kunena kuti, "Koma lero ndiye kwazizira!" Tonse timaseka chifukwa palibe walasidwa. Dzuwa silidandaula.

Sakazimu amachokera pa mtundu wachitatu womwewu, koma iye amanoledwa nsonga n'kulozetsedwa kwa munthu. Nditafika kunyumba usiku uja, amayi ako anagwada mwaulemu wonse, n'kuyika beseni la madzi patsogolo panga. "Takulandirani, bwana mlangizi wamkulu," anatero, akukoka mawu pang'onopang'ono. "Madola aja tisunge m'nkhokwe kapena tiyitane ngolo?" Mawu onse anali aulemu. Ngakhale kwa amfumu sukadapeza poyambira mlandu. Koma nsima ya tsiku limenelo inakana kutsika.

Choncho pa mayeso dzifunse mafunso awiri. Loyamba: kodi pali wina amene wayankhula? Ngati palibe, sakazimu mchotse, chifukwa zochitika zilibe lilime. Lachiwiri: ngati alipo, kodi pali wina amene mawuwo akufuna kumupweteka? Akakhalapo, ndi sakazimu. Akasowa, ndi ayironi wa m'mawu chabe.

M'Chingerezi choyankhula, tchera khutu ku kamvekedwe. Munthu ukamuchedwetsa maola awiri, iye n'kukoka "thenkyu" wake motalika nkhope ili gwa, usayankhe kuti palibe kanthu, pepesa. M'zolembedwa mulibe mawu omveka, ndiye yang'ana matamando opyola muyeso pa chinthu chimene aliyense akuona kuti chalakwika. Wakhoza mafunso awiri pa khumi, wina n'kukutchula pulofesa: usathamangire kudzandiuza kuti wayamikiridwa.

Chenjezo lomaliza ndi lakuti kuzindikira sakazimu ndi kumugwiritsa ntchito ndi zinthu ziwiri. Kuzindikira kudzakupatsa malikisi. Kumuyesera pa aphunzitsi kapena pa apongozi kudzakupatsa mlandu wa nkhuku, ndipo nkhuku za pano zinapita kale kwa mwini sitolo uja.