Kuwongola mtengo mpoyamba, koma wouma ndani?

Mayeso a Fomu 4 akamalembedwa masiku ano, kumapeto kwa mzere wa ana a yunifolomu kumaoneka anthu ena a chitenje ndi duku, chiphaso cha MANEB chili pakhosi ngati wina aliyense. Oyang'anira mayeso amasowa chowatchula, kaya ndi "iwe" kaya ndi "amayi". Odutsa m'njira nawo sachedwa kutola mwambi uja wakuti kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo amautchula mokweza kuti mwini wake amve. Koma zotsatira zikatuluka, mayina ena a anthu a madukuwo amapezeka pa mndandanda wa okhoza, pamene ana ena amene anayamba kuwongoledwa ali ku mkaka apita padera. Apa mpamene pamabadwira kankhani kakafupi kamene timakonda kuuzana m'maminibasi a pakati pa Liwonde ndi Balaka: mayi wa zaka 45 anatopa ndi geni, anabwerera kusukulu, lero ali pantchito ina. Kankhanika n'kokoma, koma kafupika dala. Ine ndikuti mwambiwu walakwa pa mayiyo, ndipo walondola pa malo ena amene sitiwayang'ana.

Tiyeni timupeke mayiyu, timutche Abiti Uje. Anabadwa mu 1980 cha ku Ntaja, ndiye kuti mu 2025 anakwanitsa zaka 45. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994 iye anali ndi zaka 14, ali mkati mwa chinamtindi cha ana chimene chinadzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo. Anakwawa mpaka Fomu 2, anatenga JCE yake, kenaka banja linamupeza. Kuyambira pamenepo wakhala akupikula matemba a ku Chilwa n'kumakagulitsa pa msika wa Liwonde, mwina kukwera nawo mpaka ku Balaka. Chimene chamutopetsa si ulesi. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inadzaphwanso mu 2018, ndipo munthu amene mpamba wake umadalira nyanja yoti imatha kusamuka osatsanzika ali ndi chifukwa chomveka chofunira ntchito ya malipiro a pamwezi. Akufuna uphunzitsi, zikakanika unamwino. Sakufuna zambiri.

Choyamba chimene kankhani kaja kamadumpha n'chakuti JCE yake singamutsegulire khomo lililonse mwa awiriwo. Akufunika MSCE, ndipo njira yake ndi sukulu ya masana ija timangoti "openi", imene imayamba ana a m'mawa akaweruka, m'makalasi omwewo, ndi aphunzitsi omwewo amene mawu awo atha kale kukhosi. Fomu 3 ndi Fomu 4, zaka ziwiri. Nthawi ya kalasi ndi nthawi yomweyo imene amayi amatsikira pamsika kukagula ndiwo za madzulo, choncho phunziro lililonse la Biology limalipiridwa kawiri, fizi ku ofesi ndi matemba osagulitsidwa pabenchi. Kenaka pali kakhalidwe ka magiredi. Pa MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi 2 ndi pamwamba penipeni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Munthu akhoza kutenga satifiketi atakhoza maphunziro asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, ali ndi kirediti imodzi yokha, kumudzi n'kuphedwa nkhuku. Koma makoleji safunsa ngati nkhuku inaphedwa. Amawerenga makirediti, ndipo a unamwino amayang'ana pa Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi. Satifiketi yodzaza ndi ma 7 ndi ma 8 ndi yokongoletsera khoma la pabalaza.

Otsutsa amayambira pomwepa. Amati mutu wa zaka 45 wauma, sungalowenso kanthu. Pali choona pang'ono, ndipo tisachibise. Kuloweza mayina a ziwalo za duwa kumamutengera nthawi yaitali kuposa mwana wa zaka 17, komanso msinkhu umenewu ndi umene maso amayamba kukana zilembo zapafupi, moti buku limagwiridwa kutali ngati likununkha. Koma vuto lachiwirili mankhwala ake ndi magalasi owerengera, ndipo loyambalo mankhwala ake ndi kubwereza, chinthu chimene munthu wolipira yekha fizi amachichita popanda womukusa. Onaninso zimene wabwera nazo. Mayi amene kwa zaka makumi awiri wakhala akuwerengera mumtima mtengo wopikulira, thiransipoti, chiphaso cha pamsika, nsomba zofumbwa ndi ngongole ya kubanki m'khonde, n'kudziwa dzuwa lisanalowe ngati wapindula kapena wadya mpamba, sangaopsezedwe ndi funso la phindu ndi kuluza. Chimene chimamugwetsa kawirikawiri ndi Chingerezi cha funsolo, osati masamu ake. Ameneyo si mtengo wouma. Ndi munthu wodziwa yankho amene akufunsidwa m'chiyankhulo chimene sanagulitsirepo kanthu.

Tsono tiyeni timupatse zonse. Wakhoza ndi makirediti ake ali ndi zaka 47, ana ake amuimbira nthungululu, ndipo koleji ya aphunzitsi ya Machinga ili pafupi pomwepa, moti akhoza kupitako osagona panjira. Maphunziro a IPTE ndi a zaka ziwiri zokha, kuphatikizapo nthawi yoyeserera kuphunzitsa pasukulu. Awerenga chilengezo cha unduna mzere ndi mzere, zonse akukwanira, mpaka afika pa kamzere kamene kakhala kakupezeka m'zilengezo zimenezi, kakuti wofunsira malo asapitirire zaka 35. Khomo linatsekedwa zaka khumi iye asanagule n'komwe kope loyamba. Kale anthu ankadziwa chochita ndi kamzere kotere, zaka zinkametedwa ngati tsitsi, munthu wa zidzukulu n'kubadwanso mwatsopano papepala. Koma chiyambire kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017, tsiku lobadwa linakhomedwa pakhadi, ndipo khadi silimva zonong'oneza. Apa ndiye pamene mwambi wathu ukukhala. Sukhala m'mutu mwa Abiti Uje. Unalembedwa ntchito ku likulu, umakhala mu ofesi, ndipo umasayina zilengezo.

Atembenukire ku unamwino, monga ku St Luke's ku Malosa, pa msewu wa ku Zomba. Funso loyamba kufunsa pakhomo, asanalipire kalikonse, likhale lomwelo la zaka. Tinene kuti amulandira. Chaka chimodzi chapita podikira chilengezo, mayeso olowera ndi kusonkhanitsa fizi, ndiye walowa ali ndi zaka 48. Dipuloma ya unamwino ndi uzamba ndi zaka zitatu, atuluka ali ndi 51. Pali mayeso a bungwe loona za anamwino ndi azamba kuti apatsidwe chilolezo, kenaka kudikira kuti boma kapena chipatala cha mishoni chilembe anthu ntchito, ndipo amene anadikirapo akudziwa kuti kudikirako sikuwerengedwa m'masabata. Tinene kuti wavala yunifolomu yoyera ali ndi zaka 52. M'boma anthu amapuma ali ndi zaka 60. Zatsala zaka zisanu ndi zitatu za malipiro, atalipira ndi zaka zisanu ndi ziwiri za sukulu ndi kudikira, m'mene benchi ya matemba inali m'manja mwa mphwake amene amati lero sizinayende tsiku lililonse. Penshoni yake idzakhala ya zaka zisanu ndi zitatuzo basi. Kankhani ka m'minibasi kamathera pa chithunzi cha gauni, masamu amenewa osawatchula.

Woteteza kamzere ka zaka 35 kaja ali ndi mfundo, ndipo si yachibwana. Boma limawononga ndalama pophunzitsa mphunzitsi, ndiye likufuna kuti adzabweze ndi zaka zambiri za ntchito. Mtsikana wa zaka 22 adzagwira zaka zoposa makumi atatu, Abiti Uje akanatuluka ali ndi zaka 49 kapena 50 n'kugwira khumi. Komanso achinyamata a MSCE ali mbwee m'midzi, malo m'makoleji ndi ochepa, nanga agogo akalowa ana alowera kuti? Yankho langa lili pawiri. Choyamba, boma lomwelo lakhala likusiya magulu athunthu a omaliza IPTE pakhomo kwa zaka asanalembedwe ntchito, ndiye zaka za achinyamata zimene likuti likuziteteza limazitaya lokha. Chachiwiri, zaka za papepala si zaka za m'kalasi. Mphunzitsi wachinyamata wotumizidwa kusukulu ya kufupi ndi Chiuta, kopanda magetsi, amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka katundu asanamasule. Abiti Uje kumeneko n'kwawo. Munda wake uli konko, manda a makolo ake ali konko, ndipo Chiyao chimene ana a Sitandade 1 amabwera nacho kuchokera kunyumba ndi chimene iye amalota nacho. Zaka khumi za munthu wosachoka zikhoza kuposa zaka makumi atatu za munthu amene mtima wake uli pa depoti. Ngati vuto ndi ndalama za boma, akuluakulu otere apatsidwe malo owerengeka, kapena aloledwe kudzilipirira. Kuwatsekera kunja onse chifukwa cha chaka chobadwa ndi ulesi wa cholembera.

Pali chinanso chimene mwambiwu umabisa. Kuti mtengo uwongoledwe poyamba pamafunika wowongola. Mtsikana wa ku Ntaja wa m'ma 1990 sanakane kuwongoka. Panalibe fizi, sukulu ya sekondale inali kutali, ndipo ankhoswe anafika msanga kuposa kalata ya sukulu. Kumuuza lero kuti wachedwa kuli ngati kuti iye ndiye anasankha nthawi. Amene tinalephera poyamba paja ndife, ndipo mwambi umene unapangidwa kuti udzudzule makolo tautembenuza kuti uzinyoza mwana atakula.

Choncho kwa amayi a ku Machinga ndi ku Balaka amene mukuganiza zobwerera m'kalasi, bwererani, koma yambirani kumapeto. Pitani kaye ku koleji imene mukufunayo, mukafunse malire a zaka ndi makirediti amene amafuna, muwerenge zaka zotsala kufika 60, ndipo mukapeza kuti khomo limenelo n'lotseka, funsani za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, kumene munthu amadzilemba yekha ntchito ndipo palibe womupumitsa. Benchi ya matemba musaigulitse mpaka malipiro oyamba atalowa. Kwa a ku unduna, pempho ndi limodzi: kamzere ka zaka 35 kaja kaonedwenso, chifukwa pa nkhani yonseyi chinthu chokhacho chimene chakana kupindika ndi chimenecho.