Kodi wotchipitsayo amapindula pati?

Ndithandizeni, inu amene mumadziwa za matenda a boma. Sindikunena matenda a m'thupi ayi, ndikunena aja amamatidwa pa bolodi la sukulu yogonera konko, akuti tikufuna matumba 100 a nyemba, a makilogalamu 50 lililonse, bweretsani mitengo yanu mu envulopu yomata. Ine ndine mlimi wamba wa kumapiri kuno, pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Nyemba ndimazidziwa kuyambira m'munda mpaka m'mphika. Chimene chimandizunguza mutu n'chimodzi: zimatheka bwanji kuti munthu alembe mtengo wotsika kuposa ndalama zimene awononge, apambane, n'kumaoneka wosangalala?

Anandiuza kuti pa kugula kwakung'ono, sukulu kapena chipatala cha boma chimafunsa makotesheni osachepera atatu, komiti yoona zogula n'kukhala pansi, n'kusankha wotsika mtengo mwa amene akwaniritsa zonse zofunika. Zofunikazo ndi monga satifiketi ya bizinesi, kulembetsa ku PPDA, ndi pepala la MRA losonyeza kuti ulibe ngongole ya msonkho. Izi ndazimva. Koma mtengo woti ndilembewo uchokere kuti?

Tiyeni tiwerengere limodzi, mundiwongole ndikaphonya. Manambalawa ndi ongoyerekeza, chifukwa mtengo wa pa msika wa Mponela kapena kwa Malomo sugona malo amodzi. Tinene kuti thumba la nyemba ndikugula K100,000. Matumba 100 ndiye K10,000,000. Kodi ndingowonjezapo kangachepe n'kulemba?

Ayi, chifukwa nyemba za pa msika si nyemba za pa sikelo ya sukulu. Muli miyala, muli zofumbwa ndi anankafumbwe, ndipo zina zimakhala zisanaume bwino, zikauma zimapepuka. Ngati pa thumba lililonse nditaya makilogalamu awiri posankha, ndiyenera kugula matumba pafupifupi 104 kuti ndikapereke 100 okwana. Apo yapita K400,000. Galimoto yotsika nazo m'misewu yathu ya fumbiyi tinene K3,000 pa thumba, ndiye K300,000. Masaka atsopano, amayi osankha, anyamata okweza ndi kutsitsa, tinene K200,000. Nyemba zisanalowe n'komwe mu sitolo ya sukulu, ndawononga K10,900,000.

Funso langa lachiwiri ndi ili: ndalama zimenezi ndi zandani? Ambirife tilibe K10,900,000 yongokhala. Tinene kuti K5,000,000 ndakongola pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi, ndipo amene anakongolapo ku banki mkhonde akudziwa kuti apa ndachita kuchepetsa. Imeneyo ndi K250,000 mwezi uliwonse. Sukulu silipira tsiku lolandira katundu. Ukapereka, amalemba kuti alandira, iwe upereka invoisi, kenako uyamba kudikira kuti ndalama za boma kapena fizi ya ana ifike. Akandilipira patatha miyezi itatu, wokongoza uja watenga K750,000. Zonse pamodzi zakwana K11,650,000, kutanthauza K116,500 pa thumba. Kodi kudikirako kumalembedwa pa mzere uti wa kotesheni? Ndayang'ana fomu yonse, mzere wotero sindinauone. Ndiye kuti uyenera kubisala m'kati mwa mtengo wa nyemba.

Tsopano ndilembe K125,000 pa thumba, zonse K12,500,000. Ndimati ndapindula K850,000. Koma akuti wolipira amayamba wadula 3 peresenti ya msonkho n'kutumiza ku MRA, pokhapokha uli ndi satifiketi yokuchotsa pa msonkho umenewu. Pa K12,500,000 adula K375,000, ine n'kulandira K12,125,000. Odziwa amati ndalamayo sinatayike, idzawerengedwa pa msonkho wako wa pachaka. Chabwino. Koma wa lole akufuna yake lero, ndipo sadya risiti ya MRA. M'manja mwatsala K475,000.

Nanga malipiro akachedwa miyezi isanu ndi umodzi? Chiwongoladzanja chifika K1,500,000, zowononga zonse K12,400,000, pamene ndalandira K12,125,000. Ndaluza K275,000 pa tenda imene ndinapambana. Nyemba ndi zomwezo, mtengo ndi womwewo, chasintha ndi tsiku la cheke lokha. Kodi si ndiye kuti ndisanalembe nambala iliyonse, ndiyambe ndafunsa amene anaperekako katundu kale kuti malowo amalipira patatha nthawi yaitali bwanji?

Mphunzitsi wina wa masamu anandisonyeza kapezedwe ka malire. Akuti tenga zowononga zonse, ugawe ndi 0.97, popeza pa kwacha iliyonse udzalandira matambala 97 okha. K11,650,000 kugawa ndi 0.97 ikupereka pafupifupi K12,010,000, ndiye K120,100 pa thumba. Kutsika pamenepo ndiye kuti ndikulipirira ana a eni chakudya kuchokera m'thumba langa.

Apa ndiye pamene mutu wanga waima. Maenvulopu atsegulidwa, wina walemba K112,000. Zonse K11,200,000, akadula msonkho alandira K10,864,000. Imeneyo sikufika ngakhale pa K10,900,000 ija ya nyemba ndi mayendedwe, ngongole tisanaiwerenge. Kodi munthuyu nyemba zake zimagwa ndi mvula?

Ndafunsafunsa, ndipo mayankho ndi amitundu iwiri. Loyamba ndi loyera. Anagula nthawi yokolola, alimi akugulitsa motchipa pofuna ndalama yamsanga, n'kuthira mankhwala n'kusunga. Ndalama ndi zake, lole ndi yake, ndipo mwina imapita kale njira yomweyo ndi katundu wina. Ameneyo K112,000 imamupatsa phindu lenileni, ndipo ine wogula lero ndi ndalama yokongola sindingamuthe. Kumutsata pa mtengo kuli ngati chule wodzitukumula kuti afanane ndi ng'ombe.

Yankho lachiwiri ndi limene limanenedwa motsitsa mawu. Thumba lolembedwa 50 limalemera 46. Nyemba zabwino zili pamwamba, zakale zosapsa msanga zili pansi. Kapena apereka matumba 40 n'kusowa, kapena abwera ndi kalata yopempha kuti mtengo ukwere poti zinthu zadula. Kodi komiti ingadziwe bwanji kuti yakumana ndi uti mwa awiriwa? Ine ndimaganiza kuti n'zosavuta: kufunsa kumene katunduyo ali, kukamuona, kusunga chitsanzo chimene anabweretsa, ndi kuyeza thumba lililonse pa sikelo tsiku lolandira. Kapena pali chovuta chimene ine sindikuchiona?

Chinanso ndi masiku. Fomu imati mtengo wako ukhale womwewo kwa masiku akutiakuti, mwina 30, mwina 60, pamene iwo akuganiza. Msika nawo udikira? Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mafuta a galimoto n'kukwera nthawi yomweyo. Amene anali atamata envulopu sabata yapitayo anatani? Ngakhale popanda zimenezo, aliyense amadziwa kuti chakudya chimakwera mtengo tikamalowa m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, nthawi imenenso misewu ya kumapiri imaterera ndipo eni malole amakweza mtengo. Ngati tenda ndi yopereka pang'onopang'ono teremu yonse, ndilembe mtengo wa lero kapena wa mwezi umene thumba lomaliza lidzatuluke? Ndikalemba wa lero ndipambana n'kudzalira. Ndikalemba wa m'tsogolo ndigonja lero lomwe.

Mwina njira ndi kusalemba tenda ya katundu amene sunamugwire m'manja, kapena kugwirizana alimi angapo m'kalabu kuti nyemba zikhale zathuzathu, ngongole ichepe. Mwinanso pali matenda ena oyenera kungowasiya adutse. Koma ndikufunsabe: munthu akawerenga zonse bwinobwino, n'kulemba K121,000, n'kugonja kwa wa K112,000 amene sadzakwanitsa kupereka, ndani waluza, iyeyo kapena ana amene adye nsima yopanda ndiwo pakati pa teremu?