Galu wa Joshu ndi belu la aphunzitsi

Ndili pa sukulu ku Japan ndinalembetsa seshini pa kachisi wina wa Zeni wa gulu la Rinzai, ndili ndi konfidensi yonse ya munthu amene kwathu sankagonja pa zilapi. Seshini ndi sabata yokhala chete, kudzuka kusanache, kupinda miyendo pa khushoni mpaka usiku. Ndinkayesa kowani, funso limene mphunzitsi amakupatsa kuti ulimbane nalo, ndi chilapi cha Chijapani, choti yankho lilipo penapake ndipo wochenjera alitola.

Anandipatsa kowani imene oyamba ambiri amapatsidwa, yoyambirira mwa 48 za m'buku la Mumonkan, limene Wumen Huikai anasonkhanitsa ku China mu 1228. Mmonke wina anafunsa mphunzitsi Joshu, amene anamwalira mu 897, ngati galu ali nacho chikhalidwe cha Buddha. Joshu anayankha liwu limodzi, Mu, kutanthauza kuti ayi, palibe. Povuta ndi apa: chiphunzitso chimene mmonkeyo ankachidziwa bwino chimati chamoyo chilichonse chili nacho. Nanga Joshu akukaniranji?

Yankho umakapereka ku sanzeni, kukumana kwa awiriwiri ndi mphunzitsi. Mumagwada pamzere, nthawi yako ikakwana umamenya kabelu, n'kulowa, kugwada mpaka chipumi pansi, n'kutchula kowani yako. Aphunzitsi amakhala ndi belu lawo la m'manja, ndipo akangoliliza nkhani yatha, tuluka. Ine ndinalowa nditakonza filosofi yonse m'mutu, ndinayamba kulongosola kuti Joshu sankakana za galu koma ankakana funso lenilenilo, poti kuli ndi kulibe ndi mabokosi a maganizo athu chabe, ndipo ndisanafike n'komwe pa poyinti yachiwiri belu linalira, ndinadzuka mwendo utachita dzanzi, ndinapepesuka n'kugunda chitseko cha pepala anzanga onse ali pamzere akumva. Nkhope inanditentha mpaka nthawi ya chakudya.

Chopweteka n'chakuti zimene ndinanenazo sizinali zabodza, m'mabuku zilimo. Koma mphunzitsi safuna kumva za Mu, amafuna uwonetse Mu pomwepo, ndi thupi, ndi mpweya, popanda kampata pakati pa iwe ndi funsolo. Kulongosola ndi chizolowezi chimene iye akufuna kuthyola: kuima patali ndi chinthu, kuchitcha dzina, kuchiponya mbali ya inde kapena ya ayi. Belu limadula chizolowezicho chikadali pakamwa.

Sindinamve msanga. Ndinakumbukira kuti m'nkhani ina Joshu yemweyo anayankha funso lomweli kuti inde, ndiye ndinakalowa ndi inde wangayo monyadira, belu. Ndinasintha pulani, ndinakhala duu osayankhula, ndikuganiza kuti chete ndiye nzeru yakuya, aphunzitsi anandiyang'ana pang'ono, belu. Kenako, ndipo apa ndimachitabe manyazi, nditamva kudzera kukhoma mnzanga wina akufuula Mu ndi mawu ochokera pansi pa mimba, ndinakopera, ndinakoka mpweya n'kukuwa mpaka kukhosomola, misozi ili chuchuchu, koma iwo anangofunsa motsitsa kuti mawu amenewo ndabwereka kwa yani. Wobwereka amadziwika: maso ake amathamangira pankhope ya mphunzitsi kukaona ngati wakhoza.

Njira yeniyeni anali atandiuza tsiku loyamba, ine ndili bize kusaka yankho. Nkhani ya galu uyisiye, ugwire liwu limodzilo, mpweya uliwonse wotuluka ukhale Mu, poyenda, potsuka mbale, posesa pabwalo. Kagwiridwe kameneka anakalimbikitsa ndi Dahui Zonggao m'zaka za m'ma 1100. Mayankho onse akakanidwa, mutu umasowa pogwira, ndipo pamatsala chikaiko chachikulu chimene a Rinzai amachifuna dala, chifukwa munthu sasiya kaganizidwe kake kakale akadali ndi kothawira. Ngakhale Hakuin, amene anadzutsanso Rinzai ku Japan n'kuyambitsa kowani ya kulira kwa dzanja limodzi, anapita kwa Shoju Rojin mu 1708 akudziyesa wotseguka maso, mkuluyo n'kumupotokola mphuno.

Chakumapeto kwa sabata nzeru zinandithera. Mawondo ankawawa, tulo tinali m'maso, ndipo ndinalowa ku sanzeni wopanda chokonzekera, Mu n'kungotuluka yekha ndi mpweya. Belu silinalire. Mtima unadumpha, ndinati basi ndaphula. Sindinkadziwa kuti pamenepa m'pamene mphunzitsi amayamba mafunso oyesera, amene amasiyanitsa woona ndi wongotopa, ndipo kuti maphunziro onse a makowani amatenga zaka zambiri. Anandifunsa kuti Mu ameneyu ali ndi zaka zingati. Ndinatsegula pakamwa n'kuyamba kuti, kunena zoona, nthawi ndi maganizo chabe, ndipo dzanja lawo linali litafika kale pa belu.