Kalata ya Telala kwa Mkwatibwi

Okondedwa Achemwali,

Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni yanga yayamba khalidwe lachilendo: ikangoona nambala yanu imazima yokha. Mwana amene anakuuzani dzana kuti ndapita kumaliro sananame kwenikweni, kungoti malirowo anachitika mwezi watha.

Diresi lanu silituluka Lachitatu monga tinapanganirana, ndipo mukamva zifukwa zake muona nokha kuti ine ndi munthu wosalakwa.

Tsiku limene ndinakuyezani, chiuno chanu chinali mainchesi 30. Pobwera kudzayesa diresi chinali chafika 34. Sindikufunsa chimene chachitika, ine ndi telala, si ankhoswe. Koma podula nsalu ndimasiya inchi imodzi mumsoko wa mbali iliyonse, ndipo ndikamasula misoko yonse iwiri mpaka kumapeto, satini amaonetsa mabowo a singano ngakhale mumusite chotani. Mainchesi 4 amafuna kuphatikamo chidutswa m'mbali, ndipo nsalu ija inatha. Ndazungulira masitolo a ku Limbe, koma amene alipo ndi satini woyera mbee, pamene wanu ndi wotuwirako ngati mkaka. M'nyumba zimafanana, koma padzuwa, pamaso pa azakhali a akuchimuna, aliyense adzadziwa pamene panawonjezedwa. Mayi wina wa geni walonjeza kubweretsa weniweniyo kuchokera ku Kariakoo. Akuti ali pa boda ya Songwe. Sabata yathanso anali pomwepo.

Chachiwiri ndi apongozi anu. Anabwera okha, naona chithunzi chimene munanditumizira pa WhatsApp, chija cha msana wapamtunda, ndipo anakhala pansi n'kupempha madzi akumwa. Alamula kuti ndiike manja a leyisi ndi kutseka msana mpaka m'khosi, apo ayi abusa sadalitsa. Manja salumikizidwa pa diresi limene linadulidwa lopanda mapewa, choncho chapamwamba chonse ndachiphwasula. Mikanda imene ndinasokerera ndi dzanja, umodziumodzi, tsopano ili m'mbale.

Mwamvanso kuti pamakina panga pali mayunifolomu a sukulu. N'zoona, Sepitembala ndi Sepitembala, ndipo makolo amalipira pompopompo. Koma dziwani kuti ndikamasoka kabudula wa khaki, mtima wanga umakhala pa diresi lanu.

Dipoziti yanu ili bwino, inalowa mu zipi, ulusi ndi zina za pakhomo. Mukatumiza yotsalayo, kuphatikizapo ya leyisi wa apongozi, ntchito idzathamanga. Chonde musabwerenso ndi achimwene anu aja onyamula zitsulo, amandinjenjemeretsa dzanja ndipo msoko umakhota.

Mubwere Lachisanu madzulo. Likapanda kutha, musataye mtima. Ukwati ndi Loweruka 9 koloko, ndipo chiyambire ntchitoyi sindinaone mkwatibwi wofika kutchalitchi 11 isanakwane. Maola awiri amenewo ndawawerengera kale kuti ndi opindira m'munsi.

Kuyambira lero mpaka tsikulo, chonde chiuno chikhale pa 34.

Ine wanu pa ntchito,
Telala wa pakhonde