Momwe Mungakwirire F Osaitana Adzukulu

Mwatsika kabaza pa Namitambo, chikwama kumsana, mumtima muli F ya masamu. Musathamangire kuulula. Mayi anagulitsa nandolo yense ndi mbuzi yomwe kuti apeze fizi, ndiye auzeni kuti aphunzitsi anakukondani kwambiri moti apempha kuti mudzakhalenso m'kalasi mwawo chaka chamawa. Kumudzi amati kubwereza, koma inu muzinena kuti "kuzamitsa maphunziro". Mawu akuti sapu kapena kuwidedwa asatuluke pakamwa panu, makamaka ngati pafupi pali msuweni wanu wophunzira ku yunivesite ya Katolika ku Nguludi. Ameneyo amadziwa zambiri.

Tsopano tsekani chitseko, tiwerenge GPA. Anthu amaiopa ngati mfiti, chonsecho ndi nsima yogawana basi: ufa ndi mapointi, pakamwa ndi makirediti. Titenge sikelo imene A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0. Phunziro lililonse mumachulukitsa pointi ya giredi ndi makirediti ake, n'kuphatikiza zonse, kenako n'kugawa ndi makirediti onse amene munalembera mayeso.

```
GPA = mapointi onse / makirediti onse
```

Apa ndi pamene F amaonetsera khalidwe lake. Ndi mlendo wobwera chimanjamanja, wopanda ndi kambale ka ufa komwe, koma wasamba kale m'manja. Mapointi ake ndi 0, makirediti ake atatu akhala nawo pamphasa.

Tinene kuti chaka choyamba munalembera makirediti 30, mwapeza mapointi 66, ndipo F uja ali momwemo. GPA yanu ndi 2.20. Mwabwereza, mwawerenga mpaka maso kufiira, mwapeza B. Makirediti atatu kuchulukitsa ndi 3, mwakolola mapointi 9, onse pamodzi akwana 75. Langizo langa: imbirani anzanu nthawi yomweyo, muphe nkhuku, musanafunse kuti 75 ameneyu mugawa ndi chiyani. Kufunsa kumaononga chikondwerero.

Ngati lamulo la koleji yanu ndi lakuti giredi yatsopano ilowe m'malo mwa yakale, makirediti a F amachotsedwa, a B n'kukhala pampando wawo. Pakamwa pakadali 30, ndipo 75 kugawa ndi 30 ndi 2.50. Chokolo chalowedwa bwino. Koma ngati lamulo likuti maulendo onse awiri awerengedwe, F sachoka pamphasa. Pakamwa pakwana 33, ndipo GPA ndi 2.27. Thukuta lonse lija lakugulirani 0.07, ndipo nkhuku yafera zochepa.

Palinso makoleji amene amaika denga. Wolemba sapu kapena wobwereza, ngakhale akhoze ngati anabera, amangomulembera giredi yongodutsira. Denga likakhala C, B wanu amasanduka mapointi 6, onse pamodzi 72, ndipo F atachotsedwa mutsala ndi 2.40. Mayeso amodzi omwewo, mutu umodzi womwewo, mayankho atatu. Loona lili m'kabuku ka malamulo a maphunziro kamene munalandira sabata yoyamba. Musakatsegule. Kakugwira kale ntchito yofunika yochirikiza mwendo wa bedi.

Ena amakonda njira yachidule: kutenga GPA ya semesita iyi ndi ya semesita inayo, kuphatikiza, kugawa ndi 2. Ndikuiyamikira kwa onse okonda maloto. Mukakhala ndi 2.20 pa makirediti 30, kenako 3.00 pa phunziro limodzi lobwereza lija, njirayi ikupatsani 2.60, nambala imene kompyuta ya ku ofesi sinaimvepo. Thumba la chimanga ndi kambale mwaziyeza ngati zolemera mofanana.

Mukafuna kuvutika mwaulemu, zengerezani. B yemweyo amene wakweza GPA ndi 0.30 pa makirediti 30, mukamupeza chaka chomaliza muli ndi makirediti 120, akweza ndi 0.075 yokha. Supuni ya shuga m'kapu imamveka, mumtsuko ayi. Ndipo ngati muli ndi D amene akukunyansani, kambwerezeni mosafunsa. Kwina amatenga giredi yomaliza, osati yabwino, choncho mutha kupita ndi D n'kubwerako ndi F, mutalipiranso.

Zotsatira zikatuluka pa intaneti, yang'anani makirediti, osati GPA yokha. Mukaona 33 pomwe lamulo likuti 30, ndiye kuti F sanachotsedwe, ndipo muyenera kulemba kalata ku ofesi ya rejisitira. Kapena ingodikirani, mwina kompyuta idzamva chisoni.

Chomaliza, musauze malume kuti F anafufutidwa. M'makoleji ambiri amangochoka m'masamu, koma pa chikalata cha magiredi amakhalabe, pafupi ndi kachizindikiro kosonyeza kuti munabwereza. Malume akavala magalasi n'kuloza chala pamenepo, auzeni kuti F ameneyo akuimira fizi.