Manja afike pati, khosi litsike pati?

Nkhani ili m'kamwam'kamwa pakati pa Amalawi a ku Ekurhuleni masiku ano ndi ya manja ndi khosi la bulauzi. Ku Tembisa amayi akuti matelala samva. Ku Germiston matelala akuti amayi ndiwo sanena zomveka. Onse akuseka, koma nsalu zikuonongeka ndithu.

Ikuseketsa kwambiri ndi ya mayi wina wa Mvano yemwe anauza telala kuti, “Achimwene, mundisokere yaulemu, khosi lisatsike kwambiri.” Telalayo, pozolowera zovala za paukwati, anatsitsa khosi mainchesi 8 kuchokera paphewa, poganiza kuti wasamala zedi. Mayiyo ataimirira zinali bwino. Tsoka linadza atawerama kuti apereke moni kwa abusa: dzanja linathamangira pachifuwa, ndipo mapemphero onse anatha ali chigwirire. Khosi likadulidwa silibwerera, moti anachita kusokerera kansalu kena pansi pake. Akanati “lithere zala ziwiri pansi pa kadzenje ka pakhosi, ndipo ndiyese nditawerama,” sakanavutika.

Ku Actonville, m'tauni ya Benoni komwe kuli Asilamu ambiri, madandaulo ndi a manja. Mayi wachisilamu akamaswali amafunika kuphimba mkono mpaka pomangira wotchi, tsono kungoti “manja aatali” sikukwanira. Telala akayeza mkono uli chiwongokere, malaya amakwera mwini wake akangokweza manja. Odziwa amati, “Mundiyeze nditapinda chigongono, musiyenso inchi imodzi mkati mwa mpendero.” Inchi imeneyo imapulumutsa, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo manja mungawatalikitse pokhapokha ngati nsalu inasiyidwa.

Anyamata a m'mafakitale a ku Wadeville ndi Isando ali ndi yawo. Kumeneko kapitawo safuna manja olendewera pafupi ndi makina ozungulira, poti akakodwa amakoka ndi mkono womwe. Akuti m'bale wina anangouza telala kuti “mudule manja,” ovolosi n'kubwera ngati vesiti, mu Julaye, chisanu cha Joni chili pachimake! Chomwe ankafuna n'choti manjawo athine kumapeto ndi batani.

Ine ndili kumbali ya matelala, ngakhale osati kotheratu. “Pang'ono” sapezeka pa tepi, ndipo ulemu wa kutchalitchi kwanu telala wa mpingo wina sangaulote. Komabe naye telala afunse kuti chovalacho chikupita kuti, chifukwa mayi wogwira ntchito yophika pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo angafune manja othera pachigongono Lolemba, Lamulungu n'kufuna ofika kumapeto. Telala wina wa ku Katlehong akuti tsopano amachonga ndi choko pa bulauzi yakale ya mwini wake, n'kumuuza kuti akweze manja, awerame, akhale pampando, asanagwire sizasi.