Mphindi 5 mu ofesi ya bwana

Mu 1973 mphunzitsi wina wa payunivesite ku Canada, Henry Mintzberg, adatulutsa buku lofotokoza zimene akuluakulu a makampani ndi mabungwe amachita tsiku lonse. Mkuluyu adalondola mabwana 5, aliyense kwa sabata yathunthu, akulemba chilichonse chimene ankachita. Adapeza kuti theka la zochita zawo zinkatha mphindi 9 zisanakwane, ndipo pa zochita 10 zilizonse, chimodzi chokha ndicho chinkapitirira ola. Bwana sakhalitsa pa nkhani imodzi. Lamya ikulira, mlendo ali pakhomo, msonkhano wayamba kale kuchipinda china. Choncho sekilitale akanena kuti "Lowani, koma bwana ali ndi mphindi 5 zokha," sakukukhomererani ayi. Wakupatsani gawo lonona ndithu.

Kalaliki wanu, yemwe amalemba tsamba lino, amaziona mwina. Iye adakula akudziwa kuti mlendo akafika pamudzi amapereka malonje, ndipo malonje sayambira pakati. Amayambira pamene tambala adalira, momwe anthu adadzukira kunyumba, minibasi imene idaphulika tayala, mpaka kufika pampando umene wakhalapowo. Luso limeneli kalaliki ali nalo lochuluka, moti pamaliro akaimirira kuti alankhule m'malo mwa anzake a kuntchito, adzukulu amayamba akhala pansi. Ndiye munthu wotere kumuuza kuti afotokoze nkhani m'mphindi 5, iye amamva ngati akumunyoza.

Tiyerekeze nkhani yake motere. Kampani imene amagwirako ntchito imagulitsa nkhuku zozizira. Jenereta yafa Lolemba m'mawa, ndipo m'chipinda chozizira muli nkhuku za K18 miliyoni. Magetsi akazima nthawi yaitali chipindacho chifunda, nkhuku n'kuyamba kulankhula ndi mphuno za anthu. Makaniko wati kukonza ndi K2.4 miliyoni ndipo kutenga masiku 5, poti chitsulo chake n'choitanitsa. Kubwereka jenereta ina ndi K150,000 patsiku. Yatsopano ndi K30 miliyoni, ndipo ingafike pakatha masabata atatu. Koteshoni ya makaniko ikutha mphamvu Lachitatu masana, ndipo aliyense amene adaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amadziwa chifukwa chimene amalonda salola mtengo wa papepala kugonera masiku ambiri.

Kalaliki akalowa ndi nkhaniyi amayamba ndi moni, monga mwa ulemu. Kenaka amafunsa za amayi kunyumba, za ana, ndi za mwendo umene bwana ankadandaula mwezi watha. Akatero amakonza kukhosi: "Bwana, mwina mukukumbuka kuti jenereta ija tidaigula nthawi ya bwana amene adachoka aja." Mphindi ziwiri zapita. Amafotokoza phokoso limene mlonda adamva usiku, n'kuliyeseza ndi pakamwa. Amatchula kuti iye adachenjezapo kale za oyilo, kuti mlandu usamugwere. Mphindi ya 4 ikamatha bwana amakhala atagwira foni, diso limodzi kukhomo, ndipo amafunsa funso limene limasonyeza kuti zonse zalakwika: "Ndiye mukufuna ndichite chiyani?" Kalaliki asanayankhe, sekilitale wasuzumira. Bwana amaimirira akuti, "Lembani memo, ndiona ndikabwerako." Kalaliki amatuluka akuuza anzake kuti zokambirana zayenda bwino kwambiri, kungoti bwana ndi munthu wopupuluma.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo izi zimamutonthoza kalaliki. Pa 9 Ogasiti 1940, ndege za Germany zikulimbana ndi za Britain mumlengalenga, Winston Churchill adapeza mpata wolembera nduna zake ndi akuluakulu a boma kalata yodandaula kuti malipoti awo ngotalika mopitirira muyeso. Adapempha kuti mfundo zikuluzikulu zizilembedwa m'ndime zazifupi, ziwerengero ndi tsatanetsatane zizipita kumapeto kuti wofuna akazipeze kumeneko, ndipo mawu ongodzaza pepala azichotsedwa. Adanenanso kuti nthawi zina n'kokwanira kubwera ndi mitu yokha, zina n'kufotokoza pakamwa akafunsidwa. Kalaliki atamva izi adati n'zachisoni kuti munthu wotchuka chotere analibe nthawi yomvera anzake.

Achipatala nawo adakumana nazo. Namwino akaimbira dokotala usiku ankakonda kufotokoza nkhani yonse ya wodwala kuyambira pachiyambi, pamene dokotala, ali m'tulo, ankangofuna kumva chimene chavuta ndi chimene achite. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la zipatala la Kaiser Permanente ku America lidakhazikitsa njira ya masitepe anayi, ndipo mmodzi mwa amene adaiyambitsa, Doug Bonacum, adagwirapo ntchito m'sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, momwe kuzungulira polankhula kungamize anthu. Masitepe ake ndi awa: nena chimene chikuchitika tsopano, nena mbiri yochepa yofunika kuti chimveke, nena mmene iwe ukuonera vutolo, ndipo nena chimene ukupempha kuti chichitike. Sitepe yomalizayi ndiyo imavuta wantchito wamng'ono, chifukwa kuuza wamkulu chochita kumaoneka ngati mwano. Komatu bwana amene wangopatsidwa vuto lopanda pempho ayenera kuyamba yekha kuganiza kuchokera pansi, ndipo zimenezo sizitheka m'mphindi 5.

Mu ofesi ya kalaliki muli mayi wina wa kustolo amene nkhani yomweyi amaitha bwana asanamalize kusaina pepala limene lili patebulo. Moni amapereka, koma umodzi. Kenaka amati: "Bwana, ndabwera kuti muvomereze K3,150,000 lero, isanakwane 12 koloko. Jenereta yafa m'mawa uno, ndipo m'chipinda chozizira muli nkhuku za K18 miliyoni." Apa masekondi 30 sanathe, koma bwana wadziwa kale kuti akufunika kusankha, ndalama zake ndi zingati, nthawi yake ndi iti, ndipo akazengereza ataya chiyani. Foni amaiika pansi yekha.

Mayiyu amapitiriza ndi njira zimene zilipo, iliyonse ndi mtengo wake ndi choopsa chake. "Tikhoza kungokonza pa K2.4 miliyoni, koma tikhala masiku 5 opanda jenereta. Tikhoza kugula yatsopano pa K30 miliyoni, koma ifika pakatha masabata atatu ndipo ndalamayo mu bajeti mulibe. Kapena tikonze, uku tikubwereka ina masiku 5 pa K150,000 patsiku. Kubwerekako ndi K750,000, kuphatikiza ndi kukonza ndiye K3,150,000 ija. Ine ndikuona kuti titenge yachitatuyi. Choopsa chake n'chakuti chitsulo chikachedwa, tsiku lililonse loonjezera ndi K150,000 ina." Akatero amakhala chete.

Kukhala cheteko ndi mbali ya ntchito. Pa mphindi 5 zija, zolankhula zisapitirire zitatu, chifukwa ziwiri zotsalazo ndi za mafunso a bwana, ndipo bwana amene sanafunse kanthu kawirikawiri savomera kanthu. Mafunso akenso ngodziwikiratu. Ndalama zichokera pati? Akauntanti waona? Makoteshoni ena ali kuti? Bwanji tisangodikira? Mayi wa kustolo amakhala atadutsa kale kwa akauntanti, makoteshoni atatu ali m'manja, fomu yosaina ili pamwamba. Mbiri ya jenereta, tsiku limene idagulidwa ndi maulendo amene yakonzedwa, zili papepala lachiwiri, limene limatuluka pokhapokha bwana akafunsa. Kalaliki amaona kuti uku ndi kuwononga nkhani yabwino, chifukwa phokoso la mlonda lija silimveka n'komwe.

Pali misampha ingapo imene imagwira ngakhale amene aphunzira kuyambira kumapeto. Woyamba ndi kuyankha mongoganizira. Bwana akafunsa kuti chipinda chingakhale maola angati chisanafunde, kalaliki amatchula nambala imene yabwera m'mutu, molimba mtima, chifukwa mwamuna sanena kuti sakudziwa. Nambala imeneyo bwana amakaibwereza kwa eni kampani, ndipo ikapezeka yabodza, ulendo wotsatira chilichonse chochokera kwa kalaliki chimafufuzidwa kawiri. Yankho labwino ndi lakuti, "Sindinafunse, bwana, ndiimbira makaniko ndikuuzeni pofika 10 koloko."

Wachiwiri ndi kubisa mbali yowawa. Ngati jenereta idafa chifukwa tsiku la sevisi lidadumphidwa, zinenedwe m'chiganizo chimodzi m'mphindi yoyamba yomweyo, ndipo za amene adalakwa zikambidwe tsiku lina. Bwana akazitulukira yekha pakati pa nkhani, amasiya za nkhuku n'kuyamba kuzenga mlandu, ndipo 12 koloko imakwana asanasaine.

Wachitatu ndi kugogoda pakhomo lolakwika. M'makampani ambiri bwana aliyense ali ndi malire a ndalama zimene angavomereze yekha. Ngati malire a bwana wanu ndi K2 miliyoni, kumupempha K3,150,000 ndi kumupempha chimene alibe. Pempho loyenera pamenepo ndi lakuti avomereze zobwereka lero, poti K750,000 ili m'manja mwake, ndipo aimbire wamkulu wake za kukonza Lachitatu lisanafike. Izi zimafunsidwa kwa akauntanti musanalowe.

Bwana akati "Chabwino, chitani," ntchito yatsala ya masekondi 20. Mayi wa kustolo amabwereza chimene chagwirizanidwa: "Ndiye ndikubwereka jenereta lero, makaniko ayambanso lero, Lachisanu ndidzakuuzani pamene tafika." Amalandira siginecha, amathokoza, amatuluka, ndipo akafika pampando wake amatumiza uthenga wa mizere itatu wonena zomwezo, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti sadamve choncho.

Kalaliki wanu njira yonseyi adaiphunzira, ndipo pa nkhani ya matayala a lole adaitsata bwinobwino. Adayeserera kunyumba foni ikuwerenga nthawi, mkazi wake atakhala ngati bwana, udindo umene sudamuvute konse. Mu ofesi adanena pempho, mtengo, njira zitatu ndi maganizo ake, ndipo bwana adavomera mphindi zitatu zisanathe. Apa kalaliki adaona kuti mphindi ziwiri zatsala, ndipo kuzisiya kukadakhala kutaya chuma cha kampani. Adakhalanso pansi, n'kuyamba kufotokoza kuti kunena zoona matayala a mtundu wina uja nawonso si oipa, malinga ndi zimene mlamu wake wa ku Limbe adamuuza. Bwana adabweza cholembera m'thumba, nati popeza pali maganizo awiri, nkhaniyi ipite kukomiti yogula katundu, imene imakumana kumapeto kwa mwezi. Lole ili pamiyala kuseri kwa ofesi, ndipo kalaliki wasankhidwa kukhala mlembi wa komitiyo.